Sikirepa ikafa pa buku la nambala 637

Pa intaneti pali sitolo ina ya mabuku yomwe sinagulitsepo buku ngakhale limodzi. Imapezeka pa adiresi ya books.toscrape.com, ndipo anaikhazikitsa dala kuti anthu aziphunzirirapo kulemba mapulogalamu otolera zinthu pa mawebusayiti. Muli mabuku 1,000, oyalidwa pa masamba 50, tsamba lililonse mabuku 20. Buku lililonse lilinso ndi tsamba lakelake pomwe pali mutu wake, mtengo wake ndi nambala yolizindikirira yotchedwa UPC. Mitengoyo ndi yongopeka, ndipo eni ake amanena zimenezi poyera.

Pulogalamu yotolera zinthu zoterezi anthu a ntchitoyi amaitcha sikirepa. Ntchito yake ndi imene munthu akanagwira ndi manja akanakhala ndi nthawi komanso kuleza mtima kokwanira: kutsegula tsamba, kukopera zofunikazo, kuzisunga, n'kupita pa tsamba lotsatira. Atolankhani amaigwiritsa ntchito posonkhanitsa zilengezo za boma, ofufuza potsata mitengo ya zinthu, ndipo akatswiri a zinenero potolera nkhani zolembedwa m'chinenero chimene akuchiphunzira.

Tiyerekeze kuti wophunzira wina walemba sikirepa yoti itole mabuku onse 1,000 aja. Iyenera kutsegula masamba 50 a mndandanda, kenako masamba 1,000 a mabuku, onse pamodzi 1,050. Popeza ndi munthu waulemu, waiuza kuti izidikira masekondi awiri isanapemphe tsamba lina, kuopa kupanikiza seva ya eni ake. Kudikira kokhako kukutenga mphindi 35. Ntchito yayenda bwino, mabuku 636 alowa, ndiye pa buku la nambala 637 magetsi athima, kompyuta n'kuzima nawo.

Magetsi atabwera, wophunzirayo ayatsanso pulogalamu yake. Iyo iyambira pa tsamba loyamba ngati kuti sinaonepo chilichonse.

Mphindi 23 zotayika si zodandaulitsa kwenikweni. Koma ntchito zenizeni sizikhala zazing'ono chonchi. Masamba 200,000 pa liwiro lomwelo amadya masiku opitirira anayi ndi theka, usana ndi usiku, ndipo pa masiku anayi chinachake chimachitika ndithu: netiweki imaduka, bandulo imatha, batire la laputopu limafooka, kapena seva ya eni ake imayamba kukana. Kwa munthu amene intaneti amagula ndi ndalama ya m'thumba mwake, monga ambiri ku Malawi ndi ku Zambia, kubwereza tsamba lomwe analitenga kale ndi kulipira kawiri chinthu chimodzi. Nayenso mwini webusayiti amavutika, chifukwa seva yake ikuyankha mafunso omwewo mobwerezabwereza, ndipo akatopa nazo amangomutsekera pakhomo wopemphayo.

Mankhwala ake ndi zinthu ziwiri zomwe anthu amakonda kuzisokoneza. Choyamba ndi chekipoyinti, kutanthauza zimene pulogalamu imalemba pa diski zosonyeza ntchito yomwe yatha ndi yomwe yatsala, kuti ikadzayatsidwanso idziwe poyambira. Chachiwiri ndi logi, kaundula wa zochitika amene pulogalamu imalemba mzere ndi mzere kuti munthu adzawerenge n'kudziwa chomwe chinachitika. Chekipoyinti amawerenga ndi makina, pomwe logi amawerenga ndi munthu.

Nambala imodzi m'fayilo

Nzeru yoyamba imene imabwera m'mutu mwa aliyense ndi yosunga nambala. Buku likatha, pulogalamu ilembe 636 m'kafayilo, ndipo ikadzuka iwerenge kafayiloko n'kuyambira pa 637. Pa sitolo yophunzirirayi njira imeneyi ikhoza kugwira, chifukwa mabuku ake sasuntha: la nambala 637 limakhala pa tsamba la 32, pa malo a 17, lero ndi mawa.

Mawebusayiti amoyo sakhala phee chomwecho. Pa webusayiti ya nyuzipepala, nkhani zatsopano zimalowa pamwamba n'kukankhira zakale pansi. Ngati sikirepa inafa usiku ili pa tsamba la 32, ndipo pofika m'mawa palowa nkhani 15 zatsopano, ndiye kuti tsamba la 32 lam'mawa si lomwe linali la dzulo. Zinthu 15 zomwe inatenga kale idzazitenganso. Zikachitika mosemphanitsa, kuti eni ake achotsapo zinthu pamwamba, zonse zimakwera m'mwamba, ndipo zina zomwe zinali zisanatengedwe zimabwerera ku tsamba la 31, kumene sikirepa sibwererako. Kubwereza kumaoneka ukamawerengera zomwe watola. Kulumpha sikuoneka, ndipo n'chifukwa chake kuli koopsa kwambiri.

Choncho chofunika kusunga si malo amene pulogalamu inafika, koma dzina la chinthu chilichonse chomwe chatha. Dzinalo likhale losasintha: adiresi ya tsamba, kapena nambala yonga UPC. Buku loyamba m'sitolo ija, la mtengo wa £51.77, UPC yake ndi a897fe39b1053632, ndipo nambalayi ikhalabe yomweyo ngakhale bukulo litasamutsidwira pa tsamba lina.

Kafayilo kaja kalinso ndi msampha wina wobisika. M'chinenero cha Python, chomwe masikirepa ambiri amalembedwera, pulogalamu ikatsegula fayilo ndi chilembo cha `"w"` kuti ilembemo, zonse zomwe zinalimo zimafufutidwa nthawi yomweyo, zatsopano zisanalowe. Mpata wa pakatipo ndi waung'ono kwambiri, koma pulogalamu imene imalemba chekipoyinti kambirimbiri pa tsiku imaudutsa mpatawo kambirimbirinso. Ikafera pomwepo, fayilo imatsala yopanda kanthu kapena yodukira pakati. M'mawa mwake mwini wake amalandiridwa ndi uthenga uwu:

```
json.decoder.JSONDecodeError: Expecting value: line 1 column 1 (char 0)
```

Tanthauzo lake ndi loti pulogalamu yatsegula chekipoyinti n'kupeza mulibe ngakhale chilembo chimodzi. Chinthu chomwe chimayenera kupulumutsa ntchito chafa limodzi ndi ntchitoyo.

Amisiri amapewa zimenezi posakhudza fayilo yakale mpaka yatsopano itakwanira. Amalemba m'fayilo ina yapadera, kuikakamiza kuti ifike pa diski penipeni, kenako n'kuisintha dzina kuti ilowe m'malo mwa yakale:

```python
with open("malo.tmp", "w") as f:
    json.dump(malo, f)
    f.flush()
    os.fsync(f.fileno())
os.replace("malo.tmp", "malo.json")
```

Mizere iwiri ya pakatiyo ili ndi chifukwa chake. Kompyuta ikauzidwa kuti ilembe, sithamangira ku diski pomwepo. Imayamba yasunga m'memori kudikira kuti zichuluke, ndipo za m'memori zimatha magetsi akathima. Lamulo la `flush` limatulutsa zolembazo m'manja mwa pulogalamu, la `fsync` limazifikitsa pa diski. Pomaliza `os.replace` imasinthanitsa mafayilo awiriwo kamodzi n'kamodzi, moti wodzawerenga adzapeza yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu, osati theka.

Chiyambe n'chiti?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Buku lililonse likatengedwa, pulogalamu imalemba zinthu ziwiri: bukulo m'fayilo ya zotolera, ndi chizindikiro choti latha m'chekipoyinti. Kulemba kuwiriku sikuchitika nthawi imodzi, kwina kumayamba kwina n'kutsatira, ndipo pulogalamu ikhoza kufera pakati pake.

Ikayamba ndi chizindikiro, n'kufa bukulo lisanasungidwe, chekipoyinti yanama. Ikunena kuti buku la 637 latha pomwe m'zotolera mulibe. Sikirepa ikadzuka idzalidumpha, ntchito idzatha popanda dandaulo lililonse, ndipo wophunzira uja adzakhala ndi mabuku 999 akuganiza kuti ali ndi 1,000. Ikayamba ndi kusunga bukulo, n'kufa isanaike chizindikiro, idzalitenganso ndipo lidzaoneka kawiri: mizere 1,001.

Pa zolakwika ziwirizi, chachiwiri ndi chopepuka, chifukwa mzere wobwerezedwa umapezeka n'kuchotsedwa, pomwe wosowa suitana munthu. Ndiye ngati palibe njira ina, kusunga kuyambe, chizindikiro chibwere pambuyo. Ndipo malo osungirawo akakhala oti sangalandire UPC imodzi kawiri, kubwerezako sikuwononganso kanthu: buku likabweranso limangokhala pamalo pake pomwe paja.

Koma njira ina ilipo, ndipo ndi imene wolemba nkhani ino angalimbikitse aliyense amene ntchito yake ikupitirira ola limodzi. Ndi kuika zinthu ziwirizi m'detabesi imodzi n'kuzilemba ngati chinthu chimodzi. Aliyense amene anatumizapo ndalama pa foni akudziwa zimene amayembekezera: ndalama zichoke kwa iye n'kufika kwa winayo, apo ayi zisachoke n'komwe. Madetabesi amapereka lonjezo lomweli pa zolembedwa, kuti zonse zilowe kapena chisalowe chilichonse.

Sipafunika kugula kapena kukhazikitsa seva. SQLite, detabesi yomwe D. Richard Hipp anaitulutsa m'chaka cha 2000, imakhala m'fayilo imodzi yokha ndipo imabwera kale pamodzi ndi Python. Pa ntchito ya mabukuyi pakufunika matebulo awiri:

```sql
CREATE TABLE ntchito (
  url TEXT PRIMARY KEY,
  gawo TEXT DEFAULT 'ikudikira',
  kuyesa INTEGER DEFAULT 0);
CREATE TABLE mabuku (
  upc TEXT PRIMARY KEY, mutu TEXT, mtengo TEXT);
```

Tebulo loyamba ndilo chekipoyinti. Sikirepa imayamba yayendera masamba 50 a mndandanda n'kulembamo maadiresi onse 1,000, iliyonse ili pa gawo la `ikudikira`. Mawu oti `PRIMARY KEY` ndi amene amaletsa adiresi imodzi kulowa kawiri, moti ngakhale gawo loyambali litabwerezedwa ndi lamulo la `INSERT OR IGNORE`, tebulo silifufuma. Zikatero pulogalamu imangotenga adiresi imodzi yodikira, kutsegula tsambalo, n'kuchita izi:

```python
with db:
    db.execute("INSERT OR REPLACE INTO mabuku VALUES (?, ?, ?)",
               (upc, mutu, mtengo))
    db.execute("UPDATE ntchito SET gawo = 'yatha' WHERE url = ?",
               (url,))
```

Mawu awiri oyambawo, `with db`, ndiwo amamanga malamulo awiri otsatirawo pamodzi. Magetsi akathima pakati pawo, SQLite ikadzatsegulidwanso imabweza zomwe zinalembedwa theka, ndipo buku la 637 limapezeka likudikirabe ngati silinakhudzidwe.

Chokoma cha kamangidwe aka ndi chakuti palibe khodi yapadera yoyambiranso ntchito. Kuyamba ndi kuyambiranso ndi chinthu chimodzi: pulogalamu imafunsa tebulo kuti ndi ziti zikudikira, n'kuyamba kugwira. Tsiku loyamba yankho ndi 1,000. Magetsi atabwera yankho ndi 364, ntchito ya mphindi 12 basi.

Tsamba lomwe limapha

Si imfa zonse zimachokera kunja. Nthawi zina wakupha ndi tsamba lenilenilo. Mwina buku lina lilibe mtengo, pulogalamu ikuufuna pamalo pomwe palibe, n'kugwa. Ikayatsidwanso, chekipoyinti imaiuza mokhulupirika kuti buku lotsatira ndi lomwelo, ndiye imagwanso pomwepo. Amene anakonza kuti kompyuta iziyatsanso sikirepa yokha ikafa akhoza kudzuka m'mawa n'kupeza kuti usiku wonse yakhala ikugogoda pa tsamba limodzi.

Apa ndi pamene pamagwira ntchito danga la `kuyesa` m'tebulo lija. Nthawi iliyonse pulogalamu ikafuna kutsegula tsamba, iwonjezere 1 pa nambalayo, ndipo ichite zimenezi isanalitsegule, osati italephera. Chifukwa chake n'chosavuta: ngati tsambalo liphe pulogalamu yonse, sipakhala wotsala woti alembe kuti kuyesako kunachitika. Nambala ikafika pa 3, adiresiyo iikidwe pa gawo la `yakanika`, ntchito ipitirire ndi zina, mwini wake adzaione payekha.

Kukanika nako kuli mitundu, ndipo seva imanena mtundu wake ndi nambala. Yankho la 200 limatanthauza kuti zayenda. La 404 limatanthauza kuti tsambalo kulibe, ndipo kulipempha kachiwiri ndi kachitatu n'kutaya nthawi, bola kungolilemba kuti kulibe n'kupitirira. La 503 limatanthauza kuti seva yalemedwa kapena akuikonza, ndiye ndi bwino kudikira n'kudzayesanso, ulendo uliwonse kudikira nthawi yotalikirapo, monga masekondi 5, kenako 10, kenako 20. La 429 ndi chenjezo lolunjika kwa wopemphayo kuti wanyanya, ndipo nthawi zina limabwera ndi mzere wa `Retry-After` wonena nthawi yoti adikire. Pa 429 ndi 503 vuto si la tsamba limenelo, choncho si chilungamo kulichotsera mwayi wake utatu uja. Sikirepa yosasamala ikhoza kutaya masamba mazanamazana ku gulu la zokanika m'mphindi zochepa zomwe seva inali ndi vuto.

Yankho lonyenga kuposa onse ndi 200 wabodza. Mawebusayiti ena akafuna kutsekereza makina sanena kuti akana. Amayankha 200, koma tsamba lomwe atumiza ndi lofunsa ngati wopemphayo ndi munthu, kapena lomuuza kuti alowenso ndi dzina lake chifukwa nthawi yake yatha. Sikirepa yongoyang'ana nambala imasunga mutu wopanda kanthu, mtengo wopanda kanthu, n'kuika chizindikiro choti yatha. Ikatero chekipoyinti imasanduka mdani, chifukwa imateteza zinyalalazo kuti zisadzatengedwenso. Choncho mawu oti `yatha` asamaperekedwe chifukwa choti seva yayankha, koma chifukwa choti zofunikazo zapezeka: mutu ulipo, UPC ilipo, mtengo ndi nambala. Chimodzi chikasowa, tsambalo silinathe.

Ena amaonjezapo kusunga tsamba lonse monga linabwerera, lisanasankhidwe. Zimadya malo pa diski, koma tsiku lodzazindikira kuti panali cholakwika pa kasankhidwe ka mitengo, kukonza kumachitikira pa kompyuta pomwepo popanda kubwerera kwa eni webusayiti.

Zimene logi imanena

Chekipoyinti ya wophunzira uja imadziwa kuti mabuku 636 atha. Sidziwa chifukwa chake ntchito inaima, nthawi yomwe inaima, kapena ngati panali zizindikiro za vuto isanaime. Zimenezi ndi za logi.

Ambiri amayamba ndi lamulo la `print`, lomwe limaonetsa mawu pa sikirini. Kuipa kwake, windo ikatsekeka mawuwo apita. Python ili ndi chida chake cha ntchitoyi chotchedwa `logging`, chomwe chakhalapo kuyambira 2003, ndipo kuchikonza ndi mizere itatu:

```python
logging.basicConfig(filename="sikirepa.log",
    level=logging.INFO,
    format="%(asctime)s %(levelname)s %(message)s")
```

Chikakonzedwa chonchi chimalemba mowonjezera kumapeto kwa fayilo, osafufuta zakale, kotero mbiri ya dzulo ndi ya lero zimakhala pamodzi. Mzere uliwonse umakhala ndi nthawi komanso kulemera kwa nkhaniyo: `INFO` pa zoyenda bwino, `WARNING` pa zokayikitsa, `ERROR` pa zolephera. Chitsanzo cha logi ya usiku wa magetsi uja chikhoza kuoneka motere:

```
2024-06-11 21:14:03,118 INFO yatha 636 200 0.8s
2024-06-11 21:14:05,120 INFO ndayamba 637
2024-06-12 06:02:41,007 INFO kudzuka: zatha=636 zatsala=364 zakanika=0
2024-06-12 06:02:41,009 INFO ndayamba 637
```

M'logi yeniyeni, pamalo pa 636 ndi 637 pamayenera kukhala adiresi yonse ya tsamba, kuti munthu athe kuikopera n'kukaitsegula yekha. Koma ngakhale mizere inayi yokhayi ikunena zambiri. Pali mzere woyamba ntchito ndi mzere woitsiriza, choncho tsamba lomwe lili ndi woyamba wopanda wotsiriza ndi lomwe pulogalamu inaferapo. Ndipo mzere wachitatu, umene umalembedwa pulogalamu ikangodzuka, ndi umboni woti chekipoyinti yagwira. Ukanati `zatha=0`, mwini wake akanadziwa pa sekondi yoyamba kuti china chalakwika, mwina wayatsira pulogalamu m'foda ina momwe mulibe detabesi yake, n'kuimitsa isanadye bandulo.

Mathero a logi amaululanso mtundu wa imfa. Ngati pulogalamu inagwa chifukwa cha cholakwika cha m'khodi, ndipo mlembi anagwiritsa ntchito `logging.exception` pogwira cholakwikacho, logi imatha ndi mndandanda wosonyeza fayilo ndi mzere weniweni pomwe zinasokonekera. Ngati ingoduka mwadzidzidzi popanda mawu otsanzika, monga m'chitsanzomu, imfayo inachokera kunja ndipo pulogalamu sinapatsidwe mpata wolankhula. Magetsi amatero. Pa makompyuta a Linux palinso wakupha wina wachete: memori ikadzaza, makinawo amasankha pulogalamu yodya kwambiri n'kuipha pomwepo. Pa sikirini pamangotsala liwu limodzi, `Killed`, nambala yotulukira imakhala 137, ndipo umboni wake umapezeka ndi lamulo la `dmesg`, osati m'logi ya sikirepa. Izi zimagwera kwambiri masikirepa omwe amaunjika zotolera zonse m'memori kuti adzazilembe pamapeto, omwenso ndi amene amataya zonse akafa.

Nthawi yomwe tsamba lililonse latenga, ngati `0.8s` ija, imaoneka ngati yongokometsera, koma ndi imene imachenjeza msanga. Ikayamba kukwera kuchoka pa sekondi imodzi kufika pa 5, kenako 15, ndiye kuti seva ikulemedwa kapena yayamba kuchedwetsa wopemphayo dala, ndipo wanzeru amachepetsa liwiro 429 asanafike.

Pali chiyeso chimodzi choyenera kuchikana: kugwiritsa ntchito logi ngati chekipoyinti, kuti pulogalamu ikadzuka iziwerenga mizere ya `yatha` n'kudziwa poyambira. Logi ilibe lonjezo lija la zonse kapena chilichonse ayi. Mizere yake yomaliza ikhoza kusowa magetsi akathima, mafayilo ake akale amafufutidwa akakula, ndipo tsiku lina munthu adzasintha kalembedwe ka mzere umodzi kuti uziwerengeka bwino, osadziwa kuti wathyola chekipoyinti. Komanso m'logi musamalowe mawu achinsinsi olowera pa webusayiti, chifukwa logi ndi fayilo imene anthu amatumizirana akamapempha thandizo.

Zida zokonzakonza ndi malire ake

Si aliyense ayenera kumanga zonsezi yekha. Wongotsitsa mafayilo ali ndi `wget`, yomwe ikapatsidwa `-c` imapitiriza fayilo yodukira panjira, ndipo ikapatsidwa `-nc` imasiya mafayilo omwe alipo kale. Scrapy, chida chotchuka cholembera masikirepa chomwe chinatuluka mu 2008, chili ndi njira yake yoimitsira ntchito n'kudzaipitiriza:

```
scrapy crawl mabuku -s JOBDIR=ntchito/mabuku-1 -o mabuku.jsonl
```

M'foda imeneyo Scrapy imasungamo mndandanda wa masamba odikira ndi zizindikiro za omwe yawaona kale. Munthu akadina Ctrl-C kamodzi, imamaliza zomwe zili m'manja, kusunga malo ake, n'kutseka. Lamulo lomwelo likaperekedwanso, imapitiriza.

Koma njirayi inapangidwira kuima mwadongosolo. Wosaleza mtima akadina Ctrl-C kachiwiri, kapena magetsi akathima, Scrapy sipeza mpata wolemba bwino malo ake, ndipo zomwe zatsala m'fodamo sizodalirika: masamba ena akhoza kukhala olembedwa kuti anaonedwa pomwe sanatengedwe. Foda imodzi siyenera kugwiritsidwa ntchito ndi masikirepa awiri kapena pa ntchito ziwiri zosiyana. Ndipo ngati webusayiti imafuna kulowa ndi dzina, chilolezo chomwe chinasungidwa chikhoza kukhala chitatha mphamvu pofika tsiku lopitiriza. Chilembo chimodzi nachonso chimapweteka: `-o` wamng'ono amawonjezera pa fayilo ya zotolera, pomwe `-O` wamkulu amaifufuta n'kuyamba yatsopano. Wopitiriza ntchito ndi chilembo chachikulu amataya zonse za dzulo, kwinaku chekipoyinti ikumuletsa kuzitenganso. Choncho ngakhale wogwiritsa ntchito Scrapy amachita bwino kusunga zotolera m'detabesi yokhala ndi `PRIMARY KEY`, ndipo poyambiranso azifunsa detabesiyo kuti ndi ziti zilimo kale.

Chotsala ndi kuyesa, ndipo kuyesa kwake ndi kupha pulogalamu dala ntchito yeniyeni isanayambe. Sitolo ya mabuku ija ndi yabwino pa zimenezi chifukwa yankho lolondola likudziwika kale. Wophunzira ayatse sikirepa, aisiye iyende pang'ono, kenako aiphe ndi `kill -9`, lamulo lomwe silipatsa pulogalamu mpata wokonzekera. Aiyatsenso, aiphenso pamalo ena, kangapo konse. Ulendo wina azimitse netiweki ntchito ili mkati, aone ngati masamba akudikira kapena akuthamangira ku gulu la zokanika. Ikamaliza afunse detabesi:

```sql
SELECT gawo, COUNT(*) FROM ntchito GROUP BY gawo;
SELECT COUNT(*) FROM mabuku WHERE mutu != '' AND mtengo != '';
```

Funso loyamba liyenera kuonetsa `yatha` 1,000 popanda chotsala pa `ikudikira`, ndipo lachiwiri liyenera kuyankha 1,000. Lachiwiri likachepa, ndiye kuti pena pake chizindikiro chinaikidwa buku lisanasungidwe, kapena tsamba lopanda kanthu linalandiridwa ngati labwino. Kenako atsegule logi awerenge mizere ya `ndayamba`. Iyenera kupitirira 1,000 ndi pang'ono chabe: pafupifupi umodzi pa ulendo uliwonse umene pulogalamu inaphedwa, kuphatikizapo masamba omwe anayesedwanso netiweki itaduka. Ikapezeka kuti yafika 1,600 kapena 2,000, sikirepayo ikubwerezabe ntchito yomwe inatha kale, ndipo mzere wa `kudzuka` wa ulendo uliwonse ndi umene usonyeze pomwe kubwerezako kunayambira.